KODI ZINACITIKA LITI? MBONI ZINAI ZA MBIRI YAKALE

M'caka ca 1960 anthu anali kukumba maziko a thanki la madzi pa kaphiri kena pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira m'Zambezi, kumunsi kwa damu la Kariba. Malowo Atonga amawacha Ingombe Ilede, ndiko kunena kuti ng'ombe yagona, cifukwa ca mlambe wina wakugwa umene unali kuoneka ngati ng'ombe iri cigonere. Makasu atalowa pansi anagunda mafupa a anthu. Pamene Bwana J. H. Chaplin, woyang'anira malo akale, anafika ndi kufukula bwino, anapeza manda a anthu olemera: mikanda ya golidi ndi ya galasi m'khosi, makoza a mkuwa m'mikono, mitolo ya waya, zipangizo zokokera waya, ndi mikuwa yaikulu youmbidwa ngati mtanda.

Funso linali lakuti, anthu amenewa anaikidwa m'manda liti? Panalibe mwala wolembedwa caka, ndipo panalibe nkhalamba yokumbukira maina ao. Kuyambira pamenepo funsoli layankhidwa katatu, ndipo yankho loyamba ndi lotsiriza asiyana ndi zaka zoposa mazana asanu. Nkhani ya mandawa ionetsa bwino mmene akatswiri a mbiri yakale amapezera zaka. Nchito yao ifanana ndi ya mfumu pa bwalo la milandu, imene sigamula itangomva mboni imodzi. Mboni zao zazikulu ziri zinai: kaboni wa m'zinthu zakufa, mphete za mitengo, mndandanda wa mafumu, ndi zolemba kapena zokumbukira za anthu a mitundu yoyandikana.

MBONI YOYAMBA: KABONI WOCEPACEPA

Ali yense adziwa makala. Cimene cimapanga makala cimachedwa kaboni, ndipo ciri m'camoyo ciri conse: m'mtengo, m'cimanga, m'thonje, m'fupa la munthu. Kaboni wambiri sasintha ngakhale papite zaka zotani. Koma pali mtundu wina wosowa, wochedwa kaboni 14, umene umapangika kumwamba m'mlengalenga ndi kusanganikirana ndi mpweya. Zomera zimaukoka pamodzi ndi mpweyawo, nyama zimadya zomera, ndipo anthu amadya zonse ziwiri. Cotero camoyo ciri conse ciri ndi muyeso wace wa kaboni 14, wofanana ndi wa mumpweya. Muyesowo ngwaung'ono zedi, ngati kanthu kamodzi mwa tinthu miliyoni kuculukitsa ndi miliyoni.

Camoyo cikafa cimaleka kulandira kaboni watsopano, ndipo kaboni 14 amene anali m'kati amayamba kucepa pa liwiro losasintha. Zikapita zaka 5,730 patsala theka. Zikapita zaka 11,460 patsala theka la thekalo. Munthu amene anaonetsa kuti liwiro limeneli lingakhale koloko ndiye Willard Libby wa ku Chicago, m'caka ca 1949, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1960.

Ici cifanana ndi mtsuko wodontha. Ngati munthu adziwa kuti mtsuko unali wodzaza, nadziwanso mmene umadonthera, angathe kuyang'ana madzi otsala ndi kunena nthawi imene unacoka ku citsime. Koma pa zinthu za zaka mazana owerengeka madzi otayika ngocepa. Thonje lothyoledwa zaka 500 zapitazo likali ndi magawo 94 mwa 100 a kaboni 14 wace. La zaka 1,000 liri ndi magawo pafupifupi 89. Gawo limodzi lokha mwa 100 liimira zaka zoposa 80. Ndico cifukwa cace oyesa sachula caka cimodzi. Amalemba, mwacitsanzo, kuti zaka 500, kuonjeza kapena kucotsa 40. Tanthauzo lace ndi lakuti pa kuyesa kutatu kuli konse, kawiri coonadi cimagwa pakati pa 460 ndi 540, koma kamodzi cimagwa kunja kwace.

Koloko ameneyu ali ndi malire awiri oyenera kudziwika. Coyamba, sayesa mkuwa, golidi kapena mwala, pakuti zimenezi sizinakhalepo ndi moyo. Caciwiri, akapyola zaka ngati 50,000 kaboni 14 wotsala amacepetsa kotero kuti sayesekanso. Cigaza ca munthu cimene anthu a mu mgodi anapeza ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, m'caka ca 1921, ncakale koposa malire amenewa. Zaka zace, pafupifupi 300,000, zinapezeka ndi njira zina, ndipo zinalengezedwa mu 2020.

KUMENE MAKALA ANASOKERETSA

Tsono popeza mkuwa wa ku Ingombe Ilede sukadayeseka, ofukula anatola makala m'dothi la pa kaphiriko. Makalawo anaonetsa zaka za pakati pa 600 ndi 1000, ndipo kwa kanthawi anthu anakhulupirira kuti mandawo nga nthawi imeneyo. Makina sananame ai. Makala analidi a zaka zimenezo, koma sanali a anthu a m'mandawo.

Munthu wa mu mgodi amvetsa msanga cimene cinacitika. Iye adziwa kuti nthaka iri m'mizere, wina pamwamba pa unzace, ndipo pa mudzi wakale mzere wapansi ndiwo woyamba. Koma manda ali ngati cigodi cokumbidwa kucokera pamwamba, cimene cimaboola mizere yonse. Pa kaphiri kameneka panali mudzi wina kale anthu olemerawo asanabadwe. Okumba manda anaboola phulusa ndi mapale a mudzi wakalewo, nagoneka akufa ao pakati pa zinyalala za anthu amene sanawadziwe nkomwe. Woyesa makala a pambali pa mtembo wayesa moto wa anthu ena.

Nchito itabwerezedwa, David Phillipson ndi Brian Fagan analengeza mu 1969 kuti mandawo ayenera kukhala a zaka za m'ma 1300 kapena 1400. Apanso cimene anayesa sicinacokere pa mitembo yeniyeniyo, koma m'mizere ya nthaka imene anaiona kuti igwirizana ndi manda.

Pali msampha winanso pa makala, wochedwa bvuto la nkhuni zakale. Mtima wa mtengo umaleka kulandira kaboni pamene kunja kwace kukali kukula. Mtengo wa tsanya ungaime zaka mazana, nuuma, nukhala m'thengo zaka zina zambiri osaola, kufikira mai wina autola kukasonkhera moto. Makala ace adzaonetsa nthawi imene mtengo unali kukula, osati usiku umene nsima inaphikidwa. Cifukwa ca ici akatswiri amakonda kuyesa zinthu zokhala moyo nyengo imodzi, monga njere ya mapira, udzu wa denga kapena ulusi wa thonje.

MBONI YACIWIRI: MPHETE ZA MITENGO

Woceka matabwa adziwa mizere yozungulira imene imaoneka pa citsa. M'dziko limene nyengo ziri zosiyana bwino, mtengo umaonjeza mphete imodzi caka ciri conse. Caka ca mvula yabwino mphete imakhala yotambalala. Caka ca cilala imakhala yopyapyala. Mitengo yonse ya mtundu umodzi m'dera limodzi imalemba mbiri yofanana ya mvula.

Nzeru yace yagona pa kulumikiza. Mtengo wodulidwa mu 1960 uli ndi mphete 150 unayamba kukula ca m'ma 1810. Pakati pace pangaoneke mphete zitatu zopyapyala zotsatana, kenaka imodzi yotambalala, kenakanso ziwiri zopyapyala. Ngati mtanda wa nyumba yakale uli ndi kaundundu yemweyo wa mphete ca kunja kwace, ndiye kuti mtandawo unadulidwa zitangopita zaka zimenezo, ndipo mphete zace za m'kati zimapitiriza kuwerenga kumka m'mbuyo. Mtanda wina wakale koposa umalumikizidwa pa umenewo, monga amalumikizira njanji.

Amene anayamba nchito imeneyi ndiye A. E. Douglass wa ku Arizona m'dziko la Amereka. Iye anali ndi mndandanda umodzi wocokera ku mitengo yamoyo, ndi wina wocokera ku mitanda ya midzi yakale ya eni dzikolo, koma iwiriyi siinali kukomana. Mu 1929 panapezeka mtanda wopserera pa malo ochedwa Show Low umene unagwira mbali zonse ziwiri, ndipo pomwepo midzi yambiri yakale inapeza zaka zace, kufikira ca m'ma 700.

Mboni imeneyi iposa zonse pa kulunjika, pakuti imachula caka cenicenico. Koma iri ndi zobvuta zace. Mvula ikadukiza pakati pa dzinja mtengo ungalembe mphete ziwiri m'caka cimodzi, ndipo m'caka ca cilala coopsa ungalephere kulemba mphete konse. Ndico cifukwa cace samakhulupirira mtengo umodzi, koma amalinganiza yambiri. Ndiponso caka ca kudulidwa cimadziwika pokhapo ngati mphete ya pansi pa khungwa ikalipo. Mmisiri akaisema ndi kasemasema, zaka zina zapita ndi zipalapala.

M'maiko otentha mitengo yambiri siionetsa mphete zooneka bwino. Mlombwa, umene ambiri amaucha mukwa, umaonetsa, cifukwa umayoyola masamba m'cilimwe ndi kuleka kukula. Ku Zimbabwe mphete zace zathandiza kupeza mbiri ya mvula ya zaka ngati mazana awiri. Koma ciswe ndi moto wa m'thengo sizisiya mitanda yakale yolumikizira, ndipo ku Ingombe Ilede kunalibe mtanda woti nkuwerenga.

Ngakhale ziri tero, mitengo inalowa m'mlanduwu mwa njira yina. Libby anayamba ndi ganizo lakuti kaboni 14 wa mumpweya wakhala wofanana nthawi zonse. Akatswiri anayesa ganizolo potenga mphete zodziwika caka cace, za mitengo ya m'mapiri a ku California imene ina yafika pafupi ndi zaka 5,000, ndi za mitengo yokwiririka m'mitsinje ya ku Jeremani imene mndandanda wace upitirira zaka 12,000. Anapeza kuti mtsuko uja sunali kudzaza mofanana: zaka zina kaboni 14 anaculuka, zaka zina anacepa. Lero ciwerengero ciri conse ca kaboni cimakonzedwa pocilinganiza ndi mphete za mitengo, ndipo maiko a kumwera kwa dziko lapansi ali ndi colinganizira cao-cao.

MBONI YACITATU: MNDANDANDA WA MAFUMU

Kumene kunalibe kalendala, anthu amasunga nthawi ndi maina a mafumu. Amati nkhondo yakuti inacitika m'masiku a mfumu yakuti. Alunda a ku Luapula asunga bwino mndandanda wa a Mwata Kazembe: woyamba Ng'anda Bilonda, waciwiri Kanyembo Mpemba, wacitatu Lukwesa, wacinai Keleka, ndi ena otsatira. Mndandanda wotere umanena amene anayamba ndi amene anatsata, koma sunena zaka.

Njira yapafupi ndiyo kupatsa mfumu iri yonse zaka zofanana, monga 25, ndi kuwerenga cobwerera. Njirayi imasokeretsa kawirikawiri. Ufumu ukamapita kwa mbale wa mfumu, mafumu atatu kapena anai angakhale a mbadwo umodzi, ndipo ali yense amalowa atakalamba kale. Mfumu yolanda mpando kapena yogonja pa nkhondo imaiwalika dala. Nthawi zina maina amaonjezedwa kuti pfuko lioneke lakale pa mlandu wa malo. Koma bvuto lalikulu m'maiko ano ndilo kulowa dzina. Wolowa ufumu wa Undi amakhala Undi, ndipo pofotokoza za makolo anganene kuti iye mwini ndiye anacoka kwa Kalonga. Ian Cunnison, amene anakhala pakati pa anthu a ku Luapula kuyambira mu 1948, analongosola mwambo womwewo kumeneko: wolowa dzina amalowanso cibale ca mwini dzina woyamba, kotero kuti mafumu awiri amachulana mwana ndi atate ngakhale patapita mibadwo yambiri. Womva wosacenjera angayese nchito za anthu asanu kuti nza munthu mmodzi.

MBONI YACINAI: ZIMENE ANANSI ANAONA

Mndandanda wa mafumu uli ngati cingwe copanda pomangirira. Pofunika zikhomo, ndipo zikhomozo zimapezeka pamene mtundu wina wokhala ndi kalendala unakomana ndi mfumu ya pa mndandandawo.

Kwa Kazembe zikhomo ziripo zinai. Mu 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete ndi ulendo wa Apwitikizi, namwalira mu Okutobala ali pafupi ndi mzinda wa mfumu. Kazembe wa nthawi imeneyo anali Lukwesa. Mu 1806 anafika amalonda awiri ocokera ku Angola, Pedro João Baptista ndi Amaro José, napeza mwana wa Lukwesa, Keleka, ali pa mpando. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anapeza Keleka yemweyo. Mu 1867 David Livingstone anapeza Kazembe wacisanu ndi ciwiri, Muonga.

Zikhomo zimenezi zinena zambiri. Lukwesa anamwalira pakati pa 1798 ndi 1806. Keleka analamulira zaka zosacepera 25. Ndipo m'zaka 36 za pakati pa Gamitto ndi Livingstone mpando unasintha katatu. Munthu akadawerenga cobwerera kucokera mu 1867, napatsa Kazembe wacinai, wacisanu ndi wacisanu ndi cimodzi zaka 25 ali yense, akadaika Keleka pa mpando pofika 1792, pamene zolemba za Apwitikizi zionetsa kuti atate wace anali kulamulirabe mu 1798. Kumbuyo kwa 1798 kulibenso cikhomo, ndipo caka ca 1740 cimene mabuku amapereka ca ciyambi ca ufumuwu ncoyerekeza cabe, cowerengedwa ndi mibadwo.

Mboni imeneyinso iyenera kufunsidwa mosamala. Mlendo amalemba dzina monga khutu lace lamvera, ndipo kawirikawiri amalemba dzina la mpando osati la munthu. Pamafunikanso kudziwa ngati nkhalamba yofotokoza mbiri siinaimve kwa mdzukulu wace wowerenga buku la kusukulu, pakuti zikatero mboni ziwiri zobvomerezanazo ziri mboni imodzi yokha.

Mndandanda wa mafumu unathandizapo ngakhale koloko wa kaboni. Pamene Libby anafuna kutsimikiza njira yace, anayesa mitengo ya m'manda a mafumu a ku Igupto monga Zoser, amene zaka zao zinali zowerengedwa kale kucokera m'mindandanda yolembedwa.

CIGAMULO CA MLANDU WA INGOMBE ILEDE

Kale kuyesa kaboni kunafuna makala odzaza dzanja. Kuyambira mu 1977 panabwera makina owerenga tinthu ta kaboni 14 kamodzi-kamodzi, ndipo kanthu kocepa ngati njere ya mapira kanayamba kukwanira. Tsono m'manda ena a ku Ingombe Ilede munatsala tizidutswa ta nsalu ya thonje. Nsalu imaola msanga m'nthaka, koma imeneyi inakhudzana ndi makoza a mkuwa, ndipo dzimbiri lobiriwira la mkuwa limapha tizirombo toolesa. Nsaluyo inali mboni yoyenera: inali pa mtembo weniweniwo, ndipo thonje limakula nyengo yocepa.

Mu 2017 Susan McIntosh ndi Brian Fagan, yemwe uja wa mu 1969, analengeza zotsatira za nsalu ya m'manda awiri. Zinagwa pakati pa 1480 ndi 1640. Mpata umenewu ngwaukulu, ndipo cifukwa cace cidziwika mwa mphete za mitengo: m'zaka zimenezo kaboni 14 wa mumpweya anakwera ndi kutsika, kotero kuti cinthu ca m'ma 1500 ndi ca m'ma 1600 zimaoneka zofanana pa makina. Apa kaboni wafika pa malire ace, ndipo zolemba za anansi zimalandira nchito. Apwitikizi anakhazikika ku Sofala mu 1505, ndipo ca m'ma 1530 anali ku Sena ndi ku Tete. Mmodzi wa iwo, António Fernandes, amene anayenda m'dziko la Mwene Mutapa ca m'ma 1514, anasimba za anthu obwera ndi mkuwa kudzagulitsa kumeneko.

Kusintha kwa caka kunasintha mbiri yonse. Mandawo akadakhala a m'ma 1300, eni ace akadakhala anansi a Zimbabwe Wamkulu pa nthawi ya ulemerero wace. Popeza ali a m'ma 1500, anali amalonda a masiku a Mwene Mutapa, pamene Apwitikizi anali kukwera Zambezi kufunafuna golidi ndi minyanga. Maina ao sadziwika kufikira lero, pakuti palibe mndandanda wa mafumu umene umawachula.

Pali phunziro limodzi kwa onse ogwira khasu, piki ndi fosholo, m'migodi, m'miseu ndi pa maziko a nyumba. Cinthu cakale cimanena zaka zace pokhapo cikali pa malo ace, pamodzi ndi dothi, makala ndi tinsanza tocizungulira. Mtanda wa mkuwa wozulidwa ndi kutsukidwa watsala mkuwa cabe. Wopeza mafupa, mapale kapena mikuwa yakale acite bwino kuimitsa nchito pamalopo, osasuntha kanthu, ndi kutumiza mau kwa oyang'anira malo akale kapena ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone. Ku Ingombe Ilede mlandu unagamulidwa ndi kansanza kamene wina anakasunga zaka zoposa 50.